Kalata yopita ku kiliniki ya pasukulu: kiriyetini nthawi ya mayeso

Mwana_wa_Katete
Anzanga, mayeso atsala milungu iwiri. Mnzanga wa m'chipinda ali ndi chigubu cha kiriyetini, ufa woyera uja anyamata a ku jimu amasungunula m'madzi, ndipo akundikakamiza kuti ndiyambe kumwa ati mutu umagwira msanga. Kunja kwa kiliniki yathu kuli bokosi loponyamo mafunso, ndiye ndalemba kalata. Mundiwerengereko ndisanaponye.

"Okondedwa a ku kiliniki, ndine wophunzira wa chaka chachitatu. Ndamva kuti kiriyetini amathandiza ubongo kukumbukira, makamaka munthu akamagona pang'ono. Ndikufuna kuyamba kumwa magalamu 20 patsiku kuyambira sabata ino mpaka mayeso atatha. Kodi n'zoona kuti amathandiza? Kodi sawononga impso? Chonde ndiyankheni mayeso asanayambe."

Ili bwino kapena ndiwonjezerepo?

ChitsuloBoyz
Kalata ya chiyani iwe? Ingomwa. Ine ndili chaka chachiwiri ndikumwa, impso zanga zili phee.

Zaninge
@ChitsuloBoyz impso zako unaziona kuti kuti zili phee?

MayiWaAtatu
Mwanawe, usayese. Malume anga anamwalira ndi zomwezo. Adokotala anatiuza kuti kiriyetini wachuluka m'magazi, impso zasiya ntchito. Iwe ukufuna kukagula dala chinthu chimene chinapha munthu?

SisitaWausiku
Amayi, pepani za malume. Koma chimene adokotala anatchula chija ndi kiriyatinini, chinyalala chimene thupi limataya kudzera mu mkodzo. Impso zikafooka chimatsalira m'magazi, ndiye amachiyeza kuti adziwe mmene impso zilili. Sichinaphe malume, chinangoonetsa kuti impso zadwala. Ufa umene mwanayu akunena ndi wina, ngakhale ziwirizi n'zapachibale, ndipo chibale chimenecho ndicho chifukwa chenicheni choti kiliniki idziwe. Ndibweranso ndifotokoze, ndili pa ntchito.

@Mwana_wa_Katete kalata yako ndi yaulemu, koma ine nditailandira sindingathe kuyankha. Sunatchule zaka, sunatchule kulemera kwako, sunanene ngati uli pa mankhwala ena alionse. Tiuze kaye zimenezo.

Mwana_wa_Katete
Zaka 22, makilo 60. Matenda ndilibe asisita. Mankhwala palibe, kupatula daikilofenaki mutu ukandivuta, masiku ano pafupifupi tsiku lililonse. Usiku ndimamwa maenaji awiri kuti ndifike 3 koloko.

Zaninge
"Mankhwala palibe" kenako n'kutchula famase yonse.

Famase_Chaka4
Ndiyankheko mbali ya ubongo, poti ndiyo yakopa mnzathuyu.

Thupi limapanga lokha kiriyetini, pafupifupi galamu imodzi patsiku, m'impso ndi m'chiwindi, ndipo wina timamupeza mu nyama ndi nsomba. Pafupifupi 95 peresenti ya yense amene ali m'thupi amakhala m'minofu. Ntchito yake ndi kubwezeretsa mphamvu mwachangu pamene selo yagwiritsa ntchito zambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake wonyamula zitsulo amatha kuwonjezera kawiri kapena katatu asanagonje. Za minofu palibe mkangano, zinayezedwa kuyambira 1992.

Ubongo nawo uli ndi kiriyetini, koma umapanga wakewake ndipo sulola wa m'magazi kulowa mosavuta. Magalamu 20 patsiku amene walemba m'kalatawo ndi njira ya a ku jimu yodzazira minofu m'masiku 5 mpaka 7. Ubongo sudzaza motero. Atayeza anthu amene anamwa magalamu 20 tsiku lililonse kwa milungu inayi, anapeza kuti mu ubongo wakwera ndi pang'ono chabe, osafika 10 peresenti. Iwe uli ndi milungu iwiri.

Ndiye funso lalikulu, kodi kukwerako kumasintha kakumbukiridwe? Kafukufuku amene anthu amakonda kutchula ndi wa ku Sydney wa 2003. Anatenga achinyamata 45 osadya nyama, magalamu 5 patsiku kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo anachita bwinoko pobwereza manambala chobwerera m'mbuyo. Mu 2023 ena ku Germany anabwereza zomwezo ndi anthu 123, phindu linaoneka laling'ono kwambiri, loti sungalumbirire kuti lilipo. Mu 2024 bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, EFSA, linapenda umboni n'kukana kuti ogulitsa azilemba kuti kiriyetini amanola nzeru.

Ndipo ngakhale phindu likanakhalapo, kubwereza manambala asanu ndi awiri chobwerera si kuyankha funso la mamakisi 25.

Tisa_Chelstone
Koma kafukufuku wa osagona uja mwamusiya dala. Ali ponseponse pa foni. Anthu anamwa kamodzi kokha, usiku womwewo mutu unayera. Ndiye mnzathu asavutike ndi milungu iwiri, angomwa usiku woti mawa alemba.

Famase_Chaka4
@Tisa_Chelstone sindinamusiye dala, ndimadziwa kuti wina amubweretsa. Alipodi, wa 2024, ku Jülich. Anthu anali 15. Anawaletsa kugona maola 21, n'kuwapatsa magalamu 0.35 pa kilo iliyonse ya thupi, kamodzi. Anayankha timayeso ta pakompyuta mwachanguko kuposa usiku umene anamwa ufa wabodza. N'zochititsa chidwi, sindikana.

Manje tiwerengere mnzathuyu. Makilo 60 kuchulukitsa ndi 0.35 ndi magalamu 21 nthawi imodzi, masikupu anayi ndi kapang'ono. Ku jimu komweko amagawa magalamu 20 kanayi patsiku, asanuasanu, chifukwa ukameza wambiri nthawi imodzi wina amatsala m'matumbo n'kukoka madzi. Zotsatira zake ndi kudzimbidwa, kupotokola, kutsegula m'mimba. Munthu amene sanamwepo n'kale lonse akayese zimenezo usiku, mawa lake akakhale maola atatu mu holo?

MonkoWakale
Invijileta amakuperekeza mpaka pakhomo la chimbudzi, amaima panja n'kumamva zonse. Ganizani bwino.

Tisa_Chelstone
Chabwino, koma simunanene kuti sizigwira. Mwangonena kuti m'mimba muvuta. Akhoza kuyeserera sabata ino aone ngati mimba yake ilola.

Famase_Chaka4
Zoona, sindinanene kuti sizigwira. Ndikuti anthu 15 usiku umodzi ndi ochepa kuti munthu aikepo digiri yake. Komanso anayeza liwiro la mutu usiku womwewo. Sanayeze ngati zimene wawerenga 2 koloko uzikumbukira Lachinayi, ndipo zimenezo zimakhazikika m'mutu munthu akagona.

ChitsuloBoyz
Ine sindinatsegulepo m'mimba. Sikupu imodzi m'mawa basi, magalamu 5. Zodzaza za 20 zija n'zothamangira chabe. Ukamamwa atatu mpaka asanu patsiku, pakatha mwezi minofu imadzaza chimodzimodzi. Chimene ndinaona ine sikelo inakwera ndi kilo imodzi ndi theka poyamba, ati ndi madzi a m'minofu. Za ubongo sindinama, ndinalemba sapu ya masamu ndili pa kiriyetini yemweyo.

Zaninge
Umboni wokhawo woona pa gulu lino lero.

AmbuyeWaKuMtendere
Ana inu mukudzivutitsa. Ife tinalemba mayeso ndi nsima ya kapenta ndi chiwawa, tinakhoza. Ngati chinthucho chili mu nsomba ndi nyama, bwanji osangogula nyama ya K50 n'kudya? Zaufaufazi ndi masiteroidi, mudzalephera kubereka.

Famase_Chaka4
Ambuye, si siteroidi, si homoni, ndipo ngakhale a WADA amene amaletsa mankhwala m'masewera sanamuike pa mndandanda wawo. Za nyama mwanena zoona kuti alimo, koma kilo yathunthu ya nyama ya ng'ombe yaiwisi ili ndi magalamu anayi kapena asanu okha, ndipo kuphika kumachepetsako. Sikupu imodzi ija ndi kilo ya nyama tsiku lililonse. Wophunzira wa ku bodingi ku Kalingalinga aipeza kuti?

Tisa_Chelstone
Apo ndiye mwandithandiza. Ambiri a ife timakhalira soya, nyemba ndi mazira mwezi wonse. Ndife osadya nyama mokakamizidwa. Ndiye ngati a ku Sydney aja zinawathandiza chifukwa sadya nyama, ifenso zingatithandize.

Famase_Chaka4
Maganizo amenewo si opusa. Osadya nyama amakhaladi ndi wochepa m'minofu. Koma mu ubongo kusiyanako sikunapezeke bwinobwino, poti ubongo umadzipangira, ndipo a 2023 aja theka la anthu awo anali osadya nyama, sanapindule kuposa anzawo. Apa ine ndiima pakatikati.

MonkoWakale
Nkhani ya soya mwaiyambayi. Chaka chathu choyamba tinkaphika pa kasitovu kamene kamatenga ola kuti madzi awire, malaiti akapita mumadya soya wofufuma ndi madzi ozizira. Ana a lero ali ndi ndalama zogulira zigubu ku East Park, ife ya sopo inkasowa.

Zaninge
Chigubucho si chake, n'cha mnzake wa m'chipinda. Werengani bwino akulu.

Dazi_Loyamba
Funso langa ndi lina. Ati amathothola tsitsi? Kwathu dazi ndi la kumtundu, sindifuna kulithamangitsa.

ChitsuloBoyz
Mphekesera imeneyo inachokera kwa osewera ragibe a ku Stellenbosch mu 2009. Anawayeza homoni ina yokhudzana ndi dazi n'kupeza yakwera, koma tsitsi lenilenilo sanaliwerenge. Langa lilipo lonse. Lako likapita udzaimbe mlandu agogo ako.

SisitaWausiku
Ndabwera. Tibwerere ku kalata, chifukwa mwakangana za ubongo n'kusiya chimene ine chandidetsa nkhawa.

Ndiyambe ndi impso, poti ndilo funso lako lachiwiri. Kwa munthu wamkulu wa impso zabwino, magalamu 3 mpaka 5 patsiku anayezedwa kwa zaka ndipo sanaonetse kuti amawononga impso. Vuto lili pa kuyeza. Tsiku lililonse kagawo kakang'ono ka kiriyetini wa m'thupi kamasanduka kiriyatinini uja ndinauza amayi. Ukawonjezera wa m'chigubu, chinyalalacho chimatha kukwerako m'magazi impso zili bwinobwino. Ife ku kiliniki sitiona impso ndi maso, timatenga nambala ya kiriyatinini ya ku labu n'kuiika mu fomula iyi, yoyerekeza mmene impso zikusefera magazi:

```
CrCl = (140 - zaka) x kg x 1.23 / creatinine (µmol/L)
```

Kwa akazi timaika 1.04 m'malo mwa 1.23. Tiyerekeze iweyo, zaka 22, makilo 60. Labu ikati 80, yankho ndi pafupifupi 109, impso zabwino. Tiyerekeze wamwa magalamu 20 sabata yonse, m'kutentha kwa Lusaka kuno madzi ukumwa pang'ono, labu n'kuti 100. Yankho latsika kufika 87. Ine amene sindikudziwa za chigubu chija ndiona kuti mwana wa zaka 22 impso zake zatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiyamba kufunafuna chifukwa.

Ndipo mwa iwe chifukwa chenicheni ndingachipeze, ndicho daikilofenaki. Iyeyo ndi burufeni amachepetsa magazi opita ku impso, makamaka thupi likakhala louma, ndipo amakanda chifu ukamamwa wopanda chakudya. Ndiye nambala ikakwera sindingadziwe ngati ndi ufa wosalakwa uja kapena ndi mapiritsi akuyamba kuvulaza impso. Zinthu ziwirizi pamodzi ndizo sindikuzifuna.

Komanso mutu wa tsiku lililonse umene ukuuzimitsa ndi mapiritsiwo uyenera kuonedwa pawokha. Ukhoza kukhala wa tulo tochepa, wa kafini, wa maso, wa BP, ndipo mapiritsi a ululu omwewo ukamawamwa masiku ambiri pamwezi amayambitsa mutu wawo. Zimenezi sizingayankhidwe kudzera m'bokosi. Pita wekha akakuyeze BP.

Mwana_wa_Katete
Asisita mwandiopsa. Ndiye daikilofenaki ndisiye lero?

SisitaWausiku
Usamwenso mpaka akuone, ndipo upite mawa, osadikira yankho la kalata. Mutu ukavuta usiku uno imwa madzi, panado monga mwalembedwa pa paketi, ugone. Ukaona kusanza, khosi kuuma, kutentha thupi, maso kuchita chidima, chimbudzi chakuda bii, kapena mkodzo kuchepa kwambiri, usadikire mawa.

Maenajinso uwerenge pa chitini. Munthu wamkulu asapyole mamiligalamu 400 a kafini patsiku, kuphatikiza khofi ndi tiyi. Theka la kafini amene wamwa limakhala lidakali m'magazi patatha maola pafupifupi asanu, ndiye chitini cha pakati pa usiku chimakudyera ngakhale tulo tochepa timene umagona m'mamawa. Usasiye mwadzidzidzi, mutu ungakule. Tsika pa chimodzi, ndipo chikhale cha masana.

Osanditchula
Ndalowa ndi dzina lina dala. Zimene asisita anenazi zinandichitikira. Ndili pa ma ARV, TLD, ndipo ndimapita ku jimu. Ndinayamba kiriyetini osauza munthu, poti ndinkaona ngati ndi chakudya chabe. Tsiku loyeza magazi nambala inabwera yokwera, anayamba kukamba zondisinthira mankhwala amene ndakhala nawo bwino zaka zonsezi. Mwamwayi adokotala anayang'ana mikono yanga n'kufunsa ngati ndimamwa za ku jimu. Anati ndisiye ufa, mankhwala ndipitirize, tidzayezenso pakatha mwezi ndi kupitirira. Inatsika. Koma mwezi umenewo sindinagone bwino.

Ndikunena chifukwa pasukulu pali ambiri amene ali pa TLD kapena PrEP, ndipo sangalembe zimenezo m'kalata yoponya m'bokosi la pakhonde.

SisitaWausiku
Zikomo polankhula, mwathandiza ambiri. Mu TLD muli tenofovira, amene mwa anthu ena amavutitsadi impso, n'chifukwa chake timayang'anira nambalayi. Mulinso dolutegiravira, amene amaikweza pang'ono popanda kuvulaza kanthu. Mukawonjezera ufa ndi minofu yaikulu, zinthu zokweza nambala imodzi zachuluka, ndipo yoopsa ndi imodzi yokha mwa izo. Anakudikiritsani mwezi chifukwa kiriyetini wa m'minofu amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti abwerere mwakale. Kuli kuyeza kwina, sisitatini C, kumene sikusokonezedwa ndi ufawu, koma si labu iliyonse imachita. Kuyeza mkodzo ngati muli puloteni kumathandizanso kusiyanitsa.

Amene ali pa mankhwala amenewa, amene ali ndi shuga, BP, siko selo, matenda a impso, oyembekezera, ndi amene ali pa mankhwala a matenda a maganizo, asayambe asanakambe ndi amene amawaona. Ndipo asasiye mankhwala awo chifukwa cha nambala imodzi.

MayiWaAtatu
Ndamva kusiyana kwake asisita. Komabe wanga sindingamulole. Chinthu chosokoneza madokotala chilowe bwanji m'nyumba?

ChitsuloBoyz
Sichisokoneza mukawauza amayi. Ine khadi langa la ku kiliniki linalembedwa.

Famase_Chaka4
Pali china chimene palibe wafunsa. @Mwana_wa_Katete chigubu cha mnzakocho chalembedwa chiyani kumbuyo? Ukafufuza pa foni, amene anayezedwa m'kafukufuku yense tatchulayu ndi `creatine monohydrate`, ndipo pa zosakaniza payenera kukhala dzina limenelo lokha. Zigubu zina ndi zosakaniza zomwera usanalowe mu jimu, muli kafini wochuluka pa sikupu iliyonse. Anthu amene amati "ndinamwa kiriyetini tulo tinathawa" kawirikawiri amwa zimenezo, chifukwa kiriyetini weniweni sachotsa tulo ndipo sumumva chilichonse ukamwa. Ukamwa masikupu anayi a chosakaniza chotero pamwamba pa maenaji awiri, mtima uthamanga mpaka ukagona ku kajuwaliti.

Mwana_wa_Katete
Ndapita kukaona. Chigubu chilibe pepala la kumbuyo, linamatuka. Ati anagula kwa mnyamata wina wa ku jimu amene amapimira anthu kuchokera m'thumba lalikulu, chigubucho n'chakale anangothiramo. Ufa wake ndi woyera, sununkha kanthu.

Zaninge
Ndiye tatha tsiku lonse kukangana za Sydney ndi Germany pa ufa umene sitikudziwa ngati ndi kiriyetini.

ChitsuloBoyz
Apo ngakhale ine ayi. Gula chomata, chokhala ndi nambala ya bachi ndi tsiku lothera. Zopimidwa m'mapepala sindikhudza. Ena amati ukathira m'madzi weniweni amatsalira pansi ngati mchenga, koma zimenezo sizitsimikiza kanthu, ufa wambiri umatero.

Tisa_Chelstone
Ine ndikadali pa mfundo yanga. Akagula chomata, magalamu 5 patsiku, mutu wake ataonetsa, palibe chimene ataya. Mwina phindu laling'ono lija lilipo.

Famase_Chaka4
Ataya ndalama za chakudya cha milungu ya mayeso. Akafuna ayambe holide, aone mmene thupi lake lilandirire, podzafika mayeso ena adzakhala atamwa miyezi. Pa milungu iwiri iyi ine sindikuona chimene angapeze.

Tisa_Chelstone
Inu simukuona, ine ndikuona mwina. Tisiyane pomwepo.

Mwana_wa_Katete
Ndalembanso. Sindiponya m'bokosi, ndipita nayo m'manja mawa kuti ndisakaiwale zonena ndikakhala pamaso pawo.

"Okondedwa a ku kiliniki, ndili ndi zaka 22, makilo 60. Mutu ukundipweteka pafupifupi tsiku lililonse kuyambira pamene ndinayamba kuwerenga usiku. Ndakhala ndikumwa daikilofenaki ndi maenaji awiri usiku uliwonse, ndipo ndimagona maola osakwana anayi. Ndikupempha mundiyeze BP ndi kuona za mutuwu. Ndimaganizanso zoyamba kiriyetini wa magalamu 5 patsiku mayeso akatha. Sindinayambe. Kodi n'koyenera kuyeza impso ndisanayambe, poti ndamwa mapiritsi aja nthawi yaitali?"

SisitaWausiku
Imeneyi ndingayankhe. Wonjezera mphamvu ya mapiritsiwo, ngati ndi a mamiligalamu 50 kapena 100, ndi angati patsiku, ndipo paketi upite nayo. Unenenso ngati kwanu kuli amene anadwala impso, shuga kapena BP. Za kuyeza magazi asankha okha akakuona, mwina ayamba ndi mkodzo.

Dazi_Loyamba
Ukafunsekonso za tsitsi, ChitsuloBoyz sindikumukhulupirira.

Mwana_wa_Katete
Kafunse wekha boyi, mzere umayamba 8 koloko. Ndi a 50 asisita, awiri patsiku, nthawi zina atatu. Atate ali ndi BP, ndalemba.